“Tamva” Si Kuvomera: Kuwerenga Mauthenga a Ankhoswe Ukwati Usanafike

Kale nkhoswe ankakwera njinga kupita kumudzi kwa anzake, kukhala pamphasa, n’kumayang’ana nkhope za eni mbumba pamene akuyankha. Ankadziwa pomwepo kuti apa agwedezera mutu ndi mtima wonse, apa angokhosomola. Lero zokambirana zambiri za ukwati zikuyenda pa WhatsApp, wina ali ku Dedza, wina ku Mzimba, wina ku Joni. Nkhope palibe, kukhosomola sikumveka. Chatsala ndi mawu olembedwa, ndipo mawu a anthu amene akufuna kukhala pachibale amakutidwa ndi ulemu wambiri moti mfundo yomangika kale ndi mfundo yongoyesera madzi zimaoneka ngati zofanana.

Mikangano yambiri ya m’makomiti a ukwati imayambira pamenepa. Mbali ina imalimbana ndi chinthu chimene sichingasunthe, n’kukhumudwitsa anzawo pachabe, kwinaku ikugonja msanga pa chinthu chimene anzawowo anali okonzeka kusintha.

Titenge nkhani ya mtundu umene umachitika kawirikawiri mu Lilongwe. Mtsikana ndi Mchewa wa ku Dedza, wa mpingo wa CCAP. Mnyamata kwawo ndi ku Mzimba, ndipo ndi Mkatolika. Onse awiri amagwira ntchito m’tauni. Kufunsira kunachitika, a kuchikazi anavomera, ndipo nkhoswe wamng’ono wa kuchikazi, amene amayenda ndi mauthenga m’malo mwa mwini mbumba, walembera mnzake wa kuchimuna motere:

“Takhala pansi ndi amalume ake a mwana. Chinkhoswe chidzachitikira kumudzi kuno monga mwa mwambo wathu. Tinali ndi maganizo akuti chikhale mu Juni ngati kwanuko kulibe chovuta. Ukwati akadalitsira kumpingo kwa mkazi, abusa tawauza kale. Za madyerero, anawa ankakamba za holo ya ku Lilongwe, koma tikambirana.”

Uthengawu ndi waufupi, mawu ake ndi ofatsa kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma mfundo zake zinayi sizikulemera mofanana.

Chiganizo choyamba ndicho chikuuza wowerenga kuti amene akulankhula ndani. Kwa Achewa, mwini mbumba ndi malume wa mtsikana, mlongo wa mayi ake, ndipo pa nkhani ya ukwati mawu ake amaposa ngakhale a bambo womubereka. Nkhoswe akayamba ndi “takhala pansi ndi amalume”, akutanthauza kuti zotsatirazo si zake. Iye ndi wotumidwa, ndipo sangasinthe chimene anatumidwa popanda kubwerera kwa womutuma.

Malo a chinkhoswe ndi omangika. Mneni wake ndi wosakayika, “chidzachitikira”, ndipo kumbuyo kwake kwaikidwa mwambo. Banja likatchula mwambo, lachotsa nkhaniyo m’manja mwa munthu mmodzi n’kuiika m’manja mwa mudzi wonse. A kuchimuna akayankha kuti chinkhoswe chichitikire m’tauni poti n’pafupi kwa onse, kwa iwo n’kungopereka maganizo, koma kwa a ku Dedza zimveka ngati akuuzidwa kuti mwana wawo alibe kwawo.

Mwezi wa Juni ndi wosiyana. “Tinali ndi maganizo akuti” ndi mawu a munthu amene waika chinthu patebulo n’kubweza dzanja. Ndipo “ngati kwanuko kulibe chovuta” ndi khomo losiyidwa dala lotsegula. Apa a kuchimuna akuitanidwa kuti alankhule, ndipo akangokhala chete, a kuchikazi adzatenga kuti Juni wavomerezedwa, adzayamba kukonola chimanga ndi kuuza abale.

Mfundo ya mpingo ndiyo imapusitsa ambiri. Yalembedwa mongodutsa, ngati nkhani yaing’ono, koma ili ndi mawu awiri olemera: “tawauza kale”. Chinthu chikafika kwa munthu wachitatu, kaya ndi abusa, amfumu kapena mwini holo, kuchibweza kumafuna kuti wina apite kukachita manyazi pamaso pa munthuyo. Banja silichita zimenezi mosavuta. Choncho ngakhale chiganizocho chilibe ukali, mfundo yake ndi yolimba kuposa zonse, makamaka poti anthu ambiri anazolowera kuti ukwati umadalitsidwa kumpingo kwa mkazi.

Za holo, nkhoswe wazitchula m’dzina la ana. “Anawa ankakamba” ndi njira yaulemu yonenera kuti akuluakulu sanasainire. Mwinanso amalumewo akufuna madyerero akachitikire kumudzi, koma sakufuna kuoneka ngati akupondereza ana awo. Pamenepa ndi potseguka kwambiri.

Patapita masiku awiri, yankho la ku Mzimba lafika:

“Tamva zonse. Za chinkhoswe palibe vuto, tidzabwera. Juni watifupikira chifukwa bambo a mnyamata akudikira ndalama za fodya, komanso mkulu wake wa ku Joni apeza tchuthi mu Ogasiti. Za malowolo simunatchulepo, kwathu timafuna tidziwiretu. Za tchalitchi tikafunsa kwa akuluakulu.”

Munthu wofulumira akaona “tamva zonse” amapumira m’mwamba kuti zatheka. Sizinatheke. Kumva n’kulandira uthenga basi. Pa mfundo zinayi zija, yovomerezedwa ndi imodzi yokha, ya chinkhoswe, ndipo chizindikiro chake si mawu akuti “palibe vuto”, amene anthu amawanena ngakhale vuto lilipo. Chizindikiro ndi “tidzabwera”, chifukwa pamenepo alonjeza chochita.

Pa mwezi, a kuchimuna akana, koma apereka zifukwa, ndipo zifukwa ndizo zimasonyeza kuti kukanako kukulekera pati. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n’kumapitirira miyezi ingapo, ndipo mlimi sadziwiratu tsiku limene mabelo ake agulitsidwe ndi ndalama kulowa. Limeneli ndi vuto la ndalama, ndipo lingathe kuchepa ngati chinkhoswe chikhala chaching’ono kapena ngati mnyamata mwiniyo asenza gawo lalikulu. Tchuthi cha munthu wogwira ntchito kunja n’china: mabanja awiriwa sangachisunthe, pokhapokha atagwirizana kuti mwambo uchitike iye kulibe. Nkhoswe wochenjera sayankha kuti “ndiye tipange Julaye” ngati akugawa pakati. Amafunsa kuti mkuluyo akufunika pa chinkhoswe kapena pa ukwati weniweni. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti pa ukwati, ndipo zikatero chinkhoswe chingachitike mu Julaye, ukwati mu Ogasiti, popanda amene waluza.

“Tikafunsa kwa akuluakulu” ndi mawu oyenera kuwaopa. Nthawi zina amatanthauzadi kuti akafunsa. Nthawi zambiri amatanthauza kuti nkhaniyo yawakhudza ndipo sakufuna kukana pa foni. Banja la Chikatolika limadziwa kuti mwana wawo akafuna kukwatira wa mpingo wina, kapena kudalitsira ukwati kunja kwa tchalitchi chawo, pamafunika chilolezo cha akuluakulu a mpingo, ndipo akachita mosatsata njira angathe kuimitsidwa kulandira masakramenti. Ndiye pano mfundo imene a kuchikazi akuiona kuti inatha kale, a kuchimuna akuiona kuti sinayambe n’komwe. Mbali zonse zili ndi chinthu cholimba, ndipo zinthu ziwirizo zikugundana. Nkhani yotere sithera pa mauthenga. Imafuna ankhoswe akumane, ndipo mnyamata akaonane ndi bambo mfumu ku parishi kwake msanga, abusa a kuchikazi asanalembe tsiku m’buku.

Za holo a ku Mzimba sananenepo kanthu. Kukhala chete kumeneku si kuvomera ndipo si kukana. Mwina sanaione ngati nkhani yawo, mwina akudikira kuti amve amene alipire.

Koma chiganizo cholemera kwambiri mu yankholi ndi cha malowolo, ndipo chikufuna kuchiwerenga mofatsa.

Poyang’ana koyamba, chikuoneka ngati funso la ndalama: tiuzeni mtengo. Pansi pake pali funso lina. Ku Mzimba, monganso ku Rumphi, Karonga ndi madera a kuchigwa cha Shire, mtundu umatsata kuchimuna. Mwamuna akalowola, kale ndi ng’ombe, lero nthawi zambiri ndi ndalama zoimira ng’ombezo, mkazi amalowa m’banja la mwamuna ndipo ana amawerengedwa a kwa bambo. Kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang’anja, mtundu umatsata kuchikazi. Mwambo wakale ndi chikamwini, mwamuna kukakhala kwa mkazi, ndipo akafuna kutenga mkazi kupita naye kwawo, chimene chimatchedwa chitengwa, amapempha kwa eni mbumba n’kupereka chiongo. Chiongo sichisamutsa ana. Iwo amakhalabe mbumba ya malume awo.

Choncho a kuchimuna akamaumirira kuti alowole, sikuti ndalama zawachulukira. Akufuna kuti ukwatiwo uzindikirike kwawo, ndiponso kuti tsiku lina pasadzakhale wonena kuti anawo si a pamudzi pawo. Ndipo a ku Dedza akayankha motere, nawonso sakukamba za ndalama:

“Kwathu kuno mwana sitilowoletsa. Koma poti mukumutenga, pali chiongo chimene amalume atchula, K400,000. Mukaona mmene mungathere.”

Chiganizo choyamba ndi mwala. Chilibe “mwina”, chilibe “ngati”, ndipo chayamba ndi “kwathu kuno”. Dzina la chimene chiperekedwe, pamodzi ndi tanthauzo lake, n’zomangika. Chiwerengero cha ndalama ndi china. “Mukaona mmene mungathere” akutanthauza kuti mtengowo ungatsike, kapena ungaperekedwe pang’onopang’ono. Kulakwitsa kumene kumachitika n’kwakuti a kuchimuna amawerenga mozondoka: amatumiza ndalama yonse tsiku lomwelo pa Airtel Money, mwinanso kuonjezerapo, n’kulemba kuti “talowola”. Pa chinthu chimene akanatha kunenerera sananenerere, ndipo pa chinthu chimene sichimayenera kukhudzidwa apondapo. Malume wa ku Dedza angathe kubweza ndalama yoteroyo.

Njira imene mabanja ambiri osakanikirana amatsata ndi kulekanitsa zinthu ziwirizi poyera. Ankhoswe amagwirizana dzina la ndalamayo, amanena momveka kumene banjalo lidzakhale, ndipo amakambiratu za ana pamaso pa mboni. Ndi nkhani yosakoma kuikamba anthu akukonzekera chisangalalo, koma imene yasiyidwa apa imadzatulukira pa maliro, pamene aliyense ali ndi mkwiyo.

Pali gulu lina la mfundo zomangika limene silioneka m’mauthenga konse, chifukwa amene anazimanga sali m’mabanja awiriwa. Lamulo la maukwati la mu 2015, pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, linakhazikitsa kuti wolowa m’banja akhale atakwanitsa zaka 18. Pamenepa palibe malume kapena mfumu amene angakambirane. Mipingo nayo ili ndi zake: maphunziro a uphungu kwa otomerana, makalata otsimikiza umembala, ndi kulengeza ukwati m’tchalitchi, kumene m’mipingo yambiri kumachitika Masabata atatu otsatizana. Ngati mabanja agwirizana Loweruka la pa 30 Ogasiti, kulengezako kuyenera kuchitika pa 10, pa 17 ndi pa 24 Ogasiti kapena m’mbuyo mwake, kutanthauza kuti nkhani ya mpingo ndi makalata ake ikhale itatha Julaye asanathe. Uthenga wonena kuti “za tchalitchi tionabe” umaoneka wotseguka, koma kalendala ikuutseka tsiku ndi tsiku.

Zikhulupiriro za abale zimalowanso apa. Banja la Seventh Day silingavomere ukwati wa Loweruka masana. Akatolika amapewa madyerero aakulu m’nyengo ya Lenti, ndipo Asilamu sangakonze phwando la masana m’mwezi wa Ramadani. Wina akalemba kuti “tsiku limenelo ndi lovutirapo kwa ife”, ndi bwino kuyang’ana kaye pa kalendala ya chipembedzo chake musanaganize kuti akungovuta.

Tsopano tibwere ku gulu la WhatsApp la komiti, kumene kumakhala phokoso lenileni. Kumeneko kuli azakhali, alamu, anzake a mkwati a kuntchito ndi msuweni amene amayankha uthenga uliwonse. Tsiku lina azakhali a mtsikana alemba m’zilembo zazikulu kuti anthu oitanidwa akhale 500, osachepera, chifukwa mwana wawo si wamasiye. Komiti yonse yanjenjemera.

Uthenga waukali chonchi nthawi zambiri ndi wofewa kuposa wa nkhoswe uja. Azakhaliwo sanatchule amalume, sanatchule mwambo, sanalonjeze ndalama. Anena zakukhosi kwawo. Chiwerengero cha anthu chimamangidwa ndi zinthu ziwiri zosalankhula, kukula kwa holo ndi mtengo wa chakudya. Ngati holo imene ana aja akufuna imalowa anthu 300, ndipo ophika akuwerengera K10,000 pa mbale, anthu 200 oonjezerawo ndi K2 miliyoni ya chakudya chokha, osawerengera holo ina yaikulu. Msungichuma akaika masamu amenewa pagulu mwaulemu, n’kufunsa kuti ndalamayo ichokera mbali iti, chiwerengero chija chimatsika chokha. Chimene azakhaliwo amafuna kwenikweni n’chakuti abale a kumudzi asasiyidwe, ndipo chimenecho chingatheke ndi chinkhoswe chachikulu ku Dedza, kumene nsima imaphikidwa m’miphika ya pamudzi ndipo palibe wowerenga mipando.

M’gulu lomwelo muli misampha ina. Chala choimika m’mwamba chimene wina waika pansi pa uthenga sichimanga banja lake, ndipo timizere tiwiri ta buluu timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ungakhale ndi moni ndi madalitso mphindi zinayi, mfundo yeniyeni n’kubwera kumapeto, pamene ambiri asiya kale kumvetsera. Ndipo uthenga wochokera kwa amalume umene wadutsa mwa anthu atatu umafika utasintha: “amalume akuti zingakhale bwino” umasanduka “amalume akuti zikhale choncho”. Mfundo iliyonse yolemera imene yamveka m’gulu iyenera kutsimikizidwa kwa nkhoswe isanatengedwe ngati ya banja.

Pali chizolowezi china chimene chiyenera kudzudzulidwa. Mbali imodzi, kapena akwati eni ake, amakalipira dipoziti ya holo mwakachetechete, kenako n’kutumiza chithunzi cha lisiti pagulu. Mfundo imene inali yotseguka yatsekedwa ndi ndalama, osati ndi mgwirizano. Zimagwira ntchito, chifukwa eni maholo ambiri sabweza dipoziti ndipo palibe amene amafuna ndalama itayike. Koma mbali inayo imadziwa kuti yachenjereredwa, ndipo imabwezera pena: pa mndandanda wa olankhula, pa malo okhala, kapena pa kagawidwe ka ndalama za perekaniperekani.

Ndalama za perekaniperekanizo ndi chitsanzo chabwino cha mfundo imene aliyense amaiyesa yomangika pamene sinakambidwe n’komwe. Ena amadziwa kuti zonse ndi za akwati. Ena amayembekeza kuti ziyambe zabweza ngongole za komiti. Enanso amaona kuti zimene zaponyedwa pa nthawi ya makolo ndi za makolowo. Poti aliyense akuona kuti n’zodziwikiratu, palibe amene amalemba, ndipo mkangano umabuka usiku wa ukwati, ndalama zili m’beseni. Powerenga mauthenga, nkhoswe ayenera kuonanso zimene sizinatchulidwe: amene alipire galimoto yonyamula abale a ku Mzimba, kumene akagone, ndi ngati paphwando padzakhale mowa.

Katundu wa pa chinkhoswe savuta kwenikweni akamvetsedwa. Tambala wochokera kuchimuna ndi msoti wochokera kuchikazi, zimene ankhoswe amapatsana, ndiye mtima wa mwambowo, ndipo palibe amene amazichotsa. Khasu, nkhwangwa, lichero, mthiko ndi chipande nazonso zimayembekezeka. Koma mndandanda ukafika pa masutikesi, nsalu zingapo za amayi ndi jekete la abambo, pamenepo mabanja amasiyana, ndipo zambiri mwa izo zimakambidwa. A kuchimuna amene sadziwa mwambo wa Achewa angachite bwino kufunsa kuti pa mndandandawo za mwambo ndi ziti, zongosangalatsa makolo ndi ziti. Funso limeneli silinyoza munthu likafunsidwa ndi nkhoswe kwa nkhoswe mnzake, kumbali.

Pomaliza pa zonse pamafunika uthenga umodzi wobwereza, ndipo nkhoswe wodziwa ntchito yake sauiwala. Mu nkhani yathuyi ungalembedwe motere:

“Kuti tisasiyane kamvedwe, zimene tamanga ndi izi: chinkhoswe ku Dedza pa 19 Julaye, ndipo chimene chiperekedwe ndi chiongo. Zimene zatsala ndi kuchuluka kwa chiongocho, mpingo wodalitsira ukwati, holo, ndi kagawidwe ka perekaniperekani. Za mpingo tikupempha tikumane mwezi uno usanathe. Ngati pena talemba molakwa, tikonzeni.”

Uthenga wotere umakakamiza aliyense kuonetsa pamene waima popanda kumuchititsa manyazi, chifukwa wapatsidwa mpata wokonza m’malo mofunsidwa kuti avomere kapena akane. Yankho lake likabwera lakuti “zili bwino choncho”, kuchokera kwa nkhoswe mwiniwake, mfundozo zamangika. Likabweranso lakuti “tamva”, ndiye kuti pali pena pamene sipanapse, ndipo ndi nthawi yoimba foni kapena kukwera minibasi.

Ngakhale zomangika zimamasuka pakagwa zazikulu. Maliro a wachibale wapafupi amasuntha tsiku limene mabanja onse anasainira, ndipo palibe amene amatsutsa. Kupatula zoterezi, mfundo imene ankhoswe awiri atsimikizirana siyenera kutsegulidwanso ndi munthu wa m’gulu amene wangodzuka ndi maganizo atsopano.

Inu amene mwapatsidwa unkhoswe chaka chino, musanayankhe uthenga wa anzanuwo, uwerengeni kawiri, ndipo pa mfundo iliyonse muone amene wainena, chimene chili kumbuyo kwake, ndi ngati wina wauzidwa kale kapena kulipidwa. Za mpingo ndi za malowolo musazithere pa foni. Pitani mukakhale nawo pansi.